Cholembera cha bwana pa fomu ya wantchito

Lero ndikufuna ndiyankhule makamaka ndi inu amene muli ndi anthu pansi panu kuntchito: akuluakulu a maofesi, oyang'anira madepoti, aphunzitsi aakulu, masisitala oyang'anira mawodi, ngakhale inu amene muli ndi antchito anayi okha m'golosale. Chaka chikamatha, ambiri a ife timapatsidwa fomu younikira mmene wantchito wagwirira ntchito, ija ena timangoti apulezo. Pamwamba pake pamakhala timabokosi tochonga. Pansi pake pamakhala malo a mizere isanu kapena isanu ndi umodzi oti bwana alembepo maganizo ake. Nkhani yanga ili pa mizere imeneyo.

Ndiyambe ndi kukuwerengerani mafomu awiri amene ndinalemba ndi dzanja langa zaka zapitazo, ndikuyang'anira depoti ina yogulitsa zipangizo zaulimi. Ndinali ndi makalaliki awiri a giredi imodzi, ndipo ntchito yawo inali imodzi: kulandira katundu, kuwerenga sitoko ndi kulemba malisiti.

Pa fomu yoyamba ndinalemba kuti: "Ndi wolimba mtima ndipo ntchito amaidziwa. M'nyengo ya feteleza anaimitsa lole imene inabwera ndi matumba operewera, kampani sinaluze kanthu. Aphunzire kutseka mabuku a pamwezi kuti m'tsogolo muno adzathe kuyendetsa depoti."

Pa yachiwiri ndinalemba kuti: "Ndi wolimbikira, wokhulupirika, ndipo tonse timamudalira. Koma nthawi zina amakhala wapakamwa. Achepetse ukali ndipo aphunzire kukhala bwino ndi anzake."

Sindinakuuzeni kuti mwamuna ndi uti, mkazi ndi uti. Koma ndikhulupirira mwadziwa kale, ndipo pamene pakudziwitsani ndi pomwepo pamene pali vuto.

Mafomuwo atafika ku likulu, mayi wina wachikulire wa mu ofesi yoona za antchito anandiimbira foni. Sanandikalipire ayi. Anangofunsa kuti, "Achimwene, mwalemba kuti mayiyu ndi wapakamwa. Tandiuzeni, pakamwapo panatuluka chiyani, tsiku liti, ndipo chinaonongeka n'chiyani?" Ndinakhala chete nthawi ndithu. Nditakumbukira bwino, ndinapeza kuti dzina loti wapakamwa analitengera pa geti ya depoti. Lole yamatani 30 imanyamula matumba 600 a makilogalamu 50. Tsiku lina pepala lobweretsera katundu linkati 600, mayiyo atawerenga anapeza 588, ndipo anakana kusayina. Dalaivala anakweza mawu, iyenso anakweza ake, ndipo ine ndili mu ofesi ndinangomva phokosolo. Zoterezi anachita katatu m'nyengo imeneyo. Mnzake wamwamuna uja anachita kamodzi. Ntchito yomweyo, kwa bamboyo ndinaitcha kulimba mtima ndipo ndinailemba. Kwa mayiyo ntchitoyo sindinailembe n'komwe, ndinangolemba phokoso lake.

Sindinkadana naye mayi ameneyu. Mukanandifunsa tsiku limenelo, ndikanati ndi mmodzi mwa antchito anga abwino kwambiri. Tsankho la pa fomu nthawi zambiri silichokera mu chidani. Limachokera m'zimene tinakulira tikumva: kuti mwamuna akakweza mawu ndiye kuti akulamula, mkazi akakweza ndiye kuti akulongolola. Cholembera chimatsata njira imene khutu linazolowera.

Ndipo si zakuno kokha. Ku Amereka, mayi wina katswiri wa zinenero, Kieran Snyder, anapempha anthu ogwira ntchito m'makampani a zamakompyuta kuti amutumizire malipoti amene mabwana awo anawalembera. Analandira malipoti 248 ochokera kwa anthu 180, amuna 105 ndi akazi 75, a m'makampani 28, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'magazini ya Fortune mu 2014. Mwa malipoti a amuna, 83 anali ndi mawu odzudzula, koma awiri okha ndiwo anadzudzula khalidwe la munthuyo. Ena onsewo ankanena za ntchito: phunzira chakuti, konza pakuti. Mwa malipoti a akazi, 94 anali ndi mawu odzudzula, ndipo 71 mwa amenewa ankadzudzula khalidwe: chepetsa ukali, samala kayankhulidwe, usamaonekere kwambiri. Panali liwu lina lachizungu lotanthauza munthu wokhakhala ngati sandipepa, wokala anzake. Linapezeka maulendo 17 pa malipoti a akazi 13, koma pa malipoti a amuna silinapezeke ngakhale kamodzi. Anthuwa anali ochepa, anatumiza malipotiwo mwa kufuna kwawo, ndipo ndi a dziko lina ndi ntchito ina, choncho tisanyamule manambalawa n'kuwaika pa maofesi athu. Koma ine nditawamva ndinaona fomu yanga ija. Sandipepa wawo uja ndi wapakamwa wanga yemweyu.

Tsono tiyeni tiikonze fomuyo limodzi, pang'onopang'ono, monga mmene mayi wa ku likulu uja anandikonzetsera.

Choyamba anandiuza kuti ndiike fomu pambali, nditenge buku lolandirira katundu ndi buku la malisiti. Anati ndisalembe chilichonse chochokera m'mutu. Mutu umasunga zinthu ziwiri zokha: chimene chinachitika posachedwa ndi chimene chinachita phokoso. Ntchito yabwino ya mwezi wa Epulo, yochitika mwakachetechete, pofika Disembala imakhala itafufutika. Buku silifufuta. Ndinawerenga malole, masiku ndi matumba, ndipo zinanditengera madzulo amodzi.

Kenako anati chiganizo chilichonse chimene ndilembe chiyankhe mafunso atatu: zinachitika liti ndiponso kuti, munthuyo anachita kapena kunena chiyani, ndipo zinabala chiyani. Njira imeneyi imadziwika ndi bungwe lina la ku Amereka lophunzitsa utsogoleri, la Center for Creative Leadership, koma mkulu aliyense amene anakhalapo pa bwalo la milandu kumudzi amaidziwa. Pabwalo sunganene kuti "uyu ndi woipa" n'kukhala pansi. Amfumu amakufunsa kuti anachita chiyani, linali liti, anaona ndani.

Nayi fomu ija itakonzedwa.

"Kuyambira Novembala mpaka Januwale analandira malole 14 a feteleza. Pa atatu anapeza matumba operewera, onse pamodzi 27, ndipo anakana kusayina mpaka chiwerengero chitakonzedwa pa pepala lobweretsera katundu. Sitoko ya depoti inagwirizana ndi mabuku miyezi yonse itatu. Pa 9 Disembala, atapeza kuti mnzake walakwitsa malisiti anayi, anamudzudzula pa kauntala makasitomala akumva. Mnzakeyo anachokapo ndipo mzere unaima pafupifupi mphindi 20. Kulakwitsako anaona bwino, koma zotere azikambirana naye kuseri kapena abwere nazo kwa ine. Chaka chikubwerachi atseke mabuku a pamwezi miyezi itatu ndikumuyang'anira, kuti akonzekere udindo wa wachiwiri kwa woyang'anira depoti."

Tamverani bwino zimene zasintha. Chidzudzulo sichinachoke. Ndikutsindika pamenepa chifukwa mabwana ena akamva nkhani ya tsankho amathamangira kufufuta chilichonse chowawa pa fomu ya mkazi, n'kusiyapo zonona zokhazokha. Kumeneko ndi kumulakwira kachiwiri. Mayiyu analidi ndi chokonza, ndipo chalembedwa, ndi tsiku lake lomwe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano akhoza kuchigwira. Munthu ukamuuza kuti "achepetse ukali", Lolemba m'mawa ayambire pati? Asiye kuwerenga matumba? Azisayina akumwetulira? Ambiri amatero ndithu: amaphunzira kuti chimene chikuwapalamulitsa ndi kutsegula pakamwa, amatseka, ndipo chaka chotsatira matumba 27 aja amapita osawerengedwa. Koma ukamuuza kuti za malisiti azikambira kuseri, akudziwa chochita mawa lomwe, ndipo akudziwanso kuti za pa geti zija apitirize.

Chasinthanso china, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ambiri sitichiona ngati tsankho. Ndikunena chiyamikiro chija: "wolimbikira, wokhulupirika, tonse timamudalira." Ndani angadandaule ndi mawu okoma chonchi? Mayiyo mwina akanawerenga n'kuthokoza. Koma taganizirani komiti ya anthu asanu ku likulu, amene sanafikepo pa depoti yathu, akufuna kusankha mmodzi womukweza. M'manja mwawo muli mapepala awiri okha. Pepala lina likuti munthuyu anaimitsa lole ndipo akukonzekera kuyendetsa depoti. Lina likuti munthuyu ndi wolimbikira ndipo timamudalira. Loyamba likupereka umboni woti akwezedwe. Lachiwiri, ngakhale ndi lokoma, likunena mwakachetechete kuti asiyidwe pomwe ali, poti akutithandiza pomwepo. Khasu labwino timalidalira, koma sitilipatsa munda.

Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Stanford, Shelley Correll ndi Caroline Simard, atawerenga malipoti oposa 200 a pa kampani ina, analemba mu 2016 m'magazini ya Harvard Business Review kuti chiyamikiro chopanda mutu, monga chakuti "wachita bwino chaka chino", chinkapezeka pa malipoti 57 mwa 100 alionse a akazi, pamene pa a amuna chinali pa 43. Anaonanso kuti malangizo opita kwa amuna kawirikawiri ankalumikizidwa ndi zotsatira za bizinesi kuposa opita kwa akazi. Chimodzi mwa zifukwa zimene anatchula n'chakuti mabwana amaopa kuuza mkazi chilungamo chonse, poopa kumukhumudwitsa kapena kuoneka atsankho. Ndiye amamupatsa mawu ofewa, ndipo mawu ofewawo ndi amene amamumanga miyendo.

Kuno kwathu chiyamikiro chotere chili ndi mawu ake amene tonse timawadziwa. "Ndi mayi wa tonse pano." "Ndi wofatsa, waulemu, sayankha." "Ofesi imakhala yaukhondo chifukwa cha iye." Zimenezi zikhoza kukhala zoona, koma funsani: kodi anamulembera ntchito yoti akhale mayi wathu? Tiyerekeze namwino woyang'anira wodi amene pa fomu yake palembedwa kuti, "Ndi mayi wachifundo, amasamala anzake onse." Tikafufuza tipeza kuti chifundocho chinali ntchito yeniyeni yokhala ndi dzina. Tilembe choncho: "Anaphunzitsa anamwino atsopano atatu kulemba makadi a mankhwala, ndipo pofika mwezi wachitatu onse ankalemba okha popanda kuwabwezera. Anasintha ndandanda ya mashifiti a usiku kuti aliyense azidziwa masiku ake sabata ziwiri zisanafike." Munthu ndi yemweyo, mtima ndi womwewo, koma tsopano komiti ikuona mtsogoleri. Ntchito yophunzitsa ena, yoyanjanitsa anthu, yolandira alendo, imagwera akazi kawirikawiri, ndipo tikaitcha chibadwa chawo timakhala tailanda mtengo wake.

Palinso kachizolowezi kena kobisika m'kalembedwe. Chinthu chikayenda bwino, pa fomu ya mwamuna timalemba kuti "anatsogolera", pa ya mkazi timalemba kuti "anathandiza nawo" kapena "gulu lake linachita bwino". Onani mneni amene mwagwiritsa ntchito. Ngati ndi iye anakonza ndondomeko, anaitanitsa misonkhano ndi kusayina lipoti, ndiye kuti anatsogolera, ndipo mulembe choncho.

Nkhani ya uchembere ndingoidutsa mwachangu, chifukwa yankho lake ndi lalifupi. "Ngakhale ali ndi mwana wamng'ono, amayesetsa." "Chaka chino sanachite zambiri poti anali pa tchuthi chokabereka." "Popeza ndi wapabanja, ntchito ya m'maboma ingamuvute." Zonsezi zichoke. Lamulo lathu la zantchito la mu 2000 limapatsa mayi tchuthi cha sabata zosachepera zisanu ndi zitatu, ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo gawo 5 la lamulo lomwelo limaletsa kusala wantchito chifukwa chakuti ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa cha mtundu, chinenero, chipembedzo, ulumali, kukhala pabanja kapena udindo wa pakhomo. Tchuthi ndi ufulu wake, si chilema cha ntchito yake. Ngati wagwira miyezi khumi, muunikeni pa miyezi khumiyo, ndipo mlingo wake uchepetsedwe molingana. Lembani kuti: "M'miyezi khumi imene anagwira, anayendera makalabu a alimi 36 mwa 40 amene anapatsidwa." Basi. Zoti angathe kapena sangathe kupita m'maboma, mufunseni mwiniwake. Ndinaonapo mabwana achifundo akumuchotsa mayi pa mndandanda wa maphunziro "pomuganizira mwana", osamufunsa, pamene bambo wa mwana wamsinkhu womwewo akukwera basi kupita ku maphunzirowo.

Tsono tsankho si la amuna ndi akazi lokha. Pali kafukufuku wina amene ndimamukumbukira nthawi zonse ndikagwira cholembera chofiira. Mu 2014, Arin Reeves ndi kampani yake ya Nextions ku Amereka komweko analemba chikalata cha zamalamulo n'kuikamo dala zolakwika 22, zisanu ndi ziwiri mwa izo za kalembedwe ka mawu ndi galamala. Anachipereka kwa maloya akuluakulu 60 a m'makampani 22 kuti achiunike. Onse anauzidwa kuti wolemba ndi loya wachinyamata dzina lake Thomas Meyer, dzina longopeka. Theka anauzidwa kuti ndi mzungu, theka linalo kuti ndi munthu wakuda. Chikalata chinali chimodzi, liwu ndi liwu. Amene ankaganiza kuti ndi mzungu anamupatsa pafupifupi 4.1 pa 5, amene ankaganiza kuti ndi wakuda anamupatsa 3.2. Koma chimene chimandigwira mtima ndi ichi: mwa zolakwika zisanu ndi ziwiri zija, owerenga za mzungu ankapeza pafupifupi zitatu, owerenga za wakuda ankapeza pafupifupi zisanu ndi chimodzi.

Palibe loya amene ananama. Zolakwikazo zinalimodi. Koma diso linkafufuza kwambiri pamene mtima unkayembekezera kupeza. Ichi chikutiuza malire a zonse ndanena pamwambapa. Mukhoza kulemba tsiku, chochitika ndi zotsatira, zonse zoona, koma n'kukhalabe atsankho ngati mwa wina munkasunga cholakwa chilichonse pamene mwa winayo munkangodutsa. Kalaliki wina akachedwa mphindi khumi mumalemba m'kabuku, mnzake amene mumapemphera naye mpingo umodzi akachedwa mumati minibasi zavuta lero.

Ife nkhani ya khungu mwina si yaikulu m'maofesi ambiri, koma tili ndi zathu, ndipo tisanamizane. Pali za kumene munthu amachokera. Palibe bwana amene amalemba pa fomu kuti "ndi wa chigawo chakuti", koma amalemba kuti "sagwirizana ndi chikhalidwe cha pano" kapena "ndi wodzimva". Mufunseni kuti wodzimvayo anachita chiyani, mupeza kuti pa nkhomaliro amayankhula chinenero chakwawo ndi mnzake. Pali za msinkhu: "akadali mwana, adikire kaye", kapena mbali inayi, "ndi achikulire, za kompyuta zingawavute". Pali za Chizungu, pamene timapima nzeru za munthu ndi katchulidwe kake ka mawu pa msonkhano. Pali za ulumali, pamene timalemba kuti "ngakhale ali wolumala amagwira ntchito bwino", ngati kuti tinkayembekezera kuti alephera.

Titenge ya achikulire ija tiikonze. Poyamba: "Bambowa ndi achikulire ndipo njira zatsopano zikuwavuta." Apa palibe chimene angachite, poti zaka sangazibweze. Titafufuza, tilemba kuti: "Chiyambire kulemba sitoko pa kompyuta mu Julayi, malipoti awo a sabata anachedwa kanayi pa maulendo 20, konseko pa sitepe yotumiza ku likulu. Sanakhale nawo pa maphunziro a mu Juni chifukwa anali atatsala kulondera depoti. Aphunzitsidwe sitepe imeneyi mwezi uno, tidzaonenso mu Malichi." Mwaona kuti pofufuza tapeza kuti vuto silinali zaka. Munthuyo sanaphunzitsidwe, ndipo amene anamusiya pa depoti tsiku la maphunziro ndi bwana yemwe akulemba fomuyo.

Nanga munthu ungadzigwire bwanji wekha, poti tsankho lako sulimva fungo?

Njira imene ambiri amaphunzitsa ndi yosinthanitsa: werenga chiganizo, ikapo dzina la mwamuna m'malo mwa la mkazi, uone ngati chikumvekabe bwino. "Bamboyu achepetse ukali, azimwetulira." Khutu limakana lokha. Njirayi ndi yabwino pogwira mawu oipa amene alipo. Koma siigwira chimene palibe. Pa fomu ya mayi uja cholakwa chachikulu sichinali liwu loti wapakamwa, chinali malole atatu amene sindinawalembe ndi mabuku a pamwezi amene sindinamulonjeze. Zosowa sizioneka pa pepala limodzi.

N'chifukwa chake ine ndimayala mafomu onse patebulo nthawi imodzi ndisanasayine iliyonse, n'kuwawerenga chopingasa, osati imodzi imodzi. Ndimatenga pensulo. Paliponse pamene pali ntchito yooneka, yokhala ndi tsiku kapena nambala, ndimadula mzere kunsi. Paliponse pamene pali liwu lonena za khalidwe, labwino kaya loipa, ndimalizunguliza. Paliponse pamene pali sitepe ya m'tsogolo, maphunziro kapena udindo watsopano, ndimaika kanyenyezi. Ndikatha ndimaimirira n'kuyang'ana tebulo lonse. Ngati mafomu ena adzaza mizere ndi nyenyezi pamene ena adzaza zozunguliza, ndimafunsa kuti eni mafomu ozunguliza aja akufanana pa chiyani. Nthawi zina onse ndi akazi. Nthawi zina ndi a kunthambi yakutali amene sindiwaona kawirikawiri. Chaka china anali onse amene sindinkacheza nawo pa tiyi. Kwa antchito khumi ntchito imeneyi siidutsa ola limodzi.

Ndipo ntchito yeniyeni imayamba mu Januwale, osati mu Disembala. Musanaone nkhope ya aliyense, lembani zinthu zitatu kapena zinayi zimene mudzapimire onse a giredi imodzi, muwauze. Kwa makalaliki anga zinali izi: sitoko igwirizane ndi mabuku, malisiti akhale opanda zolakwika, lipoti la sabata lifike Lachisanu, makasitomala asadikire chifukwa cha ife. Mlingo ukakhala wosalembedwa umasuntha wokha. Mwamuna timamupima ndi zimene angadzachite, mkazi ndi zimene wachita kale, ndipo ngakhale zimenezo timafuna azichite kawiri. Kenako khalani ndi kabuku, tsamba limodzi munthu mmodzi, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse mulembe mizere iwiri pa tsamba la aliyense, ngakhale amene sanachite phokoso. Mawu oti aliyense ndi amene akuyankha nkhani ya Thomas Meyer ija. Simungaletse diso kukondera, koma mukhoza kulikakamiza kuyang'ana malo onse mofanana.

Chenjezo lina ndi la zomva. "Anzake akuti ndi wovuta." Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Musanalembe dandaulo la ena, funsani amene akudandaulayo mafunso atatu omwe aja. Mayi akakwezedwa n'kumayang'anira amuna amene anayamba nawo ntchito limodzi, madandaulo amabwera ndithu, ndipo ena mwa iwo tanthauzo lake n'lakuti sitikufuna kulamulidwa ndi mkazi. Bwana akangowakopera pa fomu, wabwereketsa cholembera chake ku tsankho la ena. Koma ngati dandaulolo lili ndi tsiku ndi mawu enieni, ndipo munthuyo anatukwanadi mnzake, lembani mosaopa, kaya ndi mayi kaya ndi bambo. Amuna nawonso timawalakwira njira ina: mwano wawo timautcha utsogoleri, sitiwauza, mpaka tsiku limene antchito abwino atatu asiya ntchito chifukwa cha iwo.

Kumbukiraninso kuti mapepala amenewa amakhala m'faelo zaka zambiri kuposa inu pa mpando umenewo. Lamulo lija limati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, ndipo pa nkhani ya luso ndi khalidwe ayenera kupatsidwa mpata woyankhapo. Nkhani ikafika ku khoti loona za antchito, fomu yakuti "ndi wamwano" siteteza kampani, ndipo wantchitoyo sangaiyankhe, poti mulibe choti ayankhe.

Fomu yokonzedwa ija ndinakhala naye pansi mayiyo, tinaiwerenga limodzi mu ofesi, chitseko chili chotsegula, kunja anyamata akutsitsa mbewu. Anawerenga mwakachetechete, chala chikutsata mzere. Atafika pa malole anaima n'kunena kuti, "Bwana, apa mwalakwitsa. Matumba anali 29, awiri enawo anali ong'ambika, ndinawabweza. Zili m'buku la zobwezedwa." Tinatenga bukulo, zinalimodi, ndipo ndinakonza. Atafika pa 9 Disembala anakhala kaye chete, kenako anati, "Zoona, tsiku limenelo ndinapsa mtima. Koma anali atalakwitsa malisiti kachitatu, ndipo kawiri konse ndinakuuzani inu." Zimenezonso zinali zoona, ndipo ine ndinali ndisanachitepo kanthu. Tinawonjezera chiganizo chimodzi chonena kuti nkhani ya malisiti anali ataipereka kale kwa woyang'anira. Anasayina, n'kufunsa kuti mabuku a pamwezi ayamba ndi mwezi uti. Tinagwirizana Febuluwale.